Kuika mutu wonse wa buku pa AI: kukopera kumayambira pati, nanga chidule chimalekezera pati?

Mayeso akayandikira ku Chirunga, pa Yunivesite ya Malawi, buku limene aphunzitsi analitchula kuti aliyense aliwerenge limasowa ngati mvula ya mu Okutobala. Mwina mulaibulale lilimo limodzi lokha, lobwereketsa kwa maola ochepa, pamene kalasi ndi ya anthu oposa 100. Kale njira inali kuthamangira kwa a fotokope. Lero wophunzira amangojambula masambawo ndi foni, n'kuika zithunzizo pa pulogalamu ya AI monga ChatGPT, Gemini kapena Claude, ndiye kuti makompyuta amene anaphunzitsidwa ndi zolemba zambirimbiri mpaka kumatha kuyankha ngati munthu.

Chimene chikusokoneza ambiri n'chakuti pulogalamu imodzimodziyo imachita zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Kufotokoza mfundo za mutuwo imafotokoza mosanyinyirika. Koma pa ntchito yolembanso mutu wonse monga ulili, nthawi zambiri imakana, kapena imalemba ndime zochepa n'kuima. Ena amaganiza kuti bandulo yatha, ena amati makinawo ndi aulesi. Funso limene limamveka m'zipinda za ku Chikanda n'lomveka ndithu: ngati mutuwo ndaupereka ndine, ndipo makinawo auwerenga kale wonse, chovuta n'chiyani kundibwezera?

Yankho lili mbali ziwiri, ya malamulo ndi ya kagwiridwe ntchito ka makinawo. Tiyambe ndi malamulo.

Buku ndi lanu, mawu ake ali ndi mwini

Mukagula chitenje mumsika wa Zomba, chitenjecho ndi chanu. Mutha kuchivala, kusoketsa diresi, kupatsa apongozi, ngakhale kuchigulitsa. Chimene simunagule ndi ufulu wotenga maluwa ake n'kukadinda zitenje zina 500 zofanana nacho. Buku lilinso chimodzimodzi. Pepala ndi inki mwagula, kapena mwabwereka, koma ufulu wochulukitsa mawu amene ali m'menemo umatsala kwa wolemba kapena kampani imene anagwirizana nayo kuti isindikize. Ufulu umenewu ndi umene umatchedwa kopiraiti, ndipo m'nkhani ino tiziutchula kuti umwini wa zolemba.

Ku Malawi nkhaniyi ili m'lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1989. Bungwe limene limayang'anira za umwiniwu ndi kutolera ndalama m'malo mwa aluso ndi Cosoma, limene linayamba ntchito mu 1992. Malawi alinso m'pangano la mayiko la Berne kuyambira mu 1991, ndipo tanthauzo lake n'lakuti buku lolembedwa ku Nairobi kapena ku London limatetezedwa kuno monga momwe limatetezedwera lolembedwa ku Matawale.

Zinthu ziwiri zimadabwitsa anthu. Choyamba, chitetezochi chimayamba chokha munthu akangolemba, osadikira kulembetsa ku ofesi iliyonse. Ngakhale buku lopanda chizindikiro cha © limakhala ndi mwini. Chachiwiri, sichitha msanga. Pangano la Berne limati chikhale moyo wonse wa wolemba ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo mayiko ena monga Britain ndi America anachifikitsa pa zaka 70. Choncho buku la m'ma 1970 limene masamba ake anachita chikasu likhoza kukhala lotetezedwabe. Kusowa kwake m'masitolo sikuchotsa umwini.

Chimene lamulo limateteza ndi kalembedwe, osati mfundo

Apa ndi pamene pali mpata wa chidule. Lamulo silitchinga mfundo, zochitika kapena nzeru. Kuti Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975 palibe mwini wake. Aliyense atha kulemba zimenezo. Chimene chili ndi mwini ndi momwe wolemba wina anasanjira mawu ake pofotokoza nkhaniyo: ziganizo zake, mafanizo ake, kayalidwe ka ndime zake.

Taganizirani munthu amene wachokera kumaliro akufotokozera mnzake ulaliki wa abusa. Akanena kuti "abusa anatsindika zoti tisamale ana amasiye, ndipo anapereka zifukwa zitatu," wapereka chidule. Akanena kuti "mawu amene anandikhudza ndi awa," n'kubwereza chiganizo chimodzi ndendende, wagwira mawu. Koma akatulutsa chojambulira mawu n'kuyamba kugawira anthu ulaliki wonse, wakopera. Zitatuzi zimachokera pa ulaliki umodzi, koma chachitatu chokha ndicho chingapangitse munthu kunena kuti kumva abusawo sikukufunikanso.

Muyezo wake ndi womwewo: kodi chimene chatuluka chikulowa m'malo mwa bukulo? Pangano la Berne limalola mayiko kupereka mpata wokopera popanda chilolezo pa zochitika zapadera zokha, pokhapokha ngati kukoperako sikusokoneza kagulitsidwe ka ntchitoyo ndipo sikupweteka mwini wake mopanda chifukwa chomveka. Pa kugwira mawu, panganolo limalola ngati ntchitoyo inatulutsidwa kale poyera movomerezeka, ngati mawu ogwidwawo sakupitirira pamene cholinga chikufunira, ndiponso ngati mwatchula kumene achokera ndi dzina la wolemba. Lamulo lathu la 2016 limatsata mzere womwewu, ndipo lili ndi mipata ina ya munthu payekha, ya kuphunzitsa, ya malaibulale ndi ya anthu aulumali, uliwonse ndi malire ake.

Mutu umodzi wa masamba 22

Tiyerekeze wophunzira wa chaka chachiwiri amene wajambula mutu wa masamba 22 wa buku la mbiri yakale. Tsamba lililonse lili ndi mawu pafupifupi 360, ndiye mutu wonse uli ndi mawu pafupifupi 8,000. Zithunzi zake waziphatikiza kukhala fayilo imodzi ya PDF. Kuchokera apa pali njira ziwiri.

Njira yoyamba, akufuna mutu wonsewo utuluke wotaipidwa bwino kuti auponye pagulu la WhatsApp la kalasi ya anthu 120. Chotuluka ndi mawu 8,000 a wolemba, opanda chilichonse chatsopano. Fayiloyo ikafika kwa onse, ndi chimodzimodzi ndi masamba 2,640 a fotokope, kusiyana kwake n'kwakuti palibe pepala limene lagulidwa ndipo fayilo siitha. Chaka chamawa kalasi yotsatira idzailandira, ndipo ya ku Domasi nayo idzaipeza. Aliyense amene wailandira sakufunikanso bukulo, mwina pa mutu umenewo. Ngati mutuwo ndi wokhawo umene kosiyo imafuna, ndiye kuti buku lonse lasowa wolifuna.

Njira yachiwiri, akufuna chidule cha mawu 400 ndi ziganizo ziwiri zogwidwa ndendende, china cha mawu 25 pamene wolemba akutanthauzira mawu ofunika, china cha mawu 35 pamene akunena mfundo imene wophunzirayo akufuna kuitsutsa mu esee yake. Chidulecho ndi magawo 5 pa 100 a kutalika kwa mutuwo, ndipo chili m'mawu ena. Mawu 60 ogwidwawo sakufika ngakhale gawo limodzi pa 100. Munthu wowerenga chidulecho adziwa chimene wolemba akunena, koma umboni wake, zitsanzo zake ndi kakomedwe ka kalembedwe kake ayenera kukazipeza m'buku. Chidule chimamulozera ku shelefu.

Fayilo imene yalowa pa njira ziwirizi ndi imodzi. Chimene chasiyana ndi chotuluka, ndiponso kumene chikupita. N'chifukwa chake mfundo yakuti "ndapereka ndine" siithetsa nkhani. Kukhala ndi mutuwo pafoni kukungosonyeza kuti muli ndi kope, osati kuti muli ndi chilolezo chopanga makope ena. Ndipo kujambula ndi foni kuja nakonso kunali kukopera, ngakhale kuti kope ya munthu mmodzi yowerengera payekha lamulo limaiona mosiyana ndi kope yogawira gulu.

Chimene chimachitika mkati mwa makina

Pulogalamu ya AI si makina a fotokope, ndipo ambiri amalakwitsa pamenepa. Fotokope imajambula chimene chili papepala, kadontho ndi kadontho. AI imalemba kachidutswa ka mawu kamodzi pa nthawi, kotchedwa tokeni, posankha kamene kakuoneka koyenera kutsatira tam'mbuyoto. M'Chingerezi mawu 8,000 amakhala matokeni opitirira pang'ono 10,000. M'Chichewa amachuluka kuposa apo chifukwa makinawa amaduladula mawu athu aatali. Mapulogalamu ambiri amatha kuwerenga zochuluka kwambiri kuposa zimene amalemba pa yankho limodzi, ndiye kuima pakati pa mutu nthawi zina kumangokhala malire a kutalika kwa yankho, osati nkhani ya malamulo.

Nthawi zina kumakhala kukana kwenikweni. Makampani amene amapanga mapulogalamuwa amawaphunzitsa kupewa kutulutsa zigawo zazitali za mabuku, nyimbo ndi nkhani za m'nyuzipepala zimene zili ndi eni. Ali ndi chifukwa chawo: mu Disembala 2023 nyuzipepala ya New York Times inasumira makampani a OpenAI, opanga ChatGPT, ndi Microsoft, ndipo gawo la dandaulo lake linali lakuti makinawo ankatulutsa nkhani zake pafupifupi ndendende. Komanso makinawo sangatsimikize kuti inu ndinu ndani. Wolemba bukulo, wophunzira amene walibwereka ndi munthu wofuna kuligulitsa pamsika onse amaika fayilo yofanana. Mapulogalamu amasiyana pa kukhwimitsa kwake, ndipo zimasintha nthawi ndi nthawi. Kuvomera kwa makina sikusandutsa kukoperako kukhala kololedwa, monganso kukana kwake si chigamulo cha khothi. M'malamulo amene timavomereza polembetsa, aja timangodina osawerenga, makampaniwa amanena kuti udindo wa zimene mwaika ndi wanu, ndipo ena amagwiritsa ntchito zokambirana za ogwiritsa ntchito pophunzitsira makina awo ngati simunazimitse zimenezo.

Ngakhale makinawo atavomera, kope yotulukayo siyodalirika. Zithunzi za foni zimayamba zadutsa pa luso losandutsa chithunzi kukhala zilembo, limene pa mapulogalamu limalembedwa kuti OCR. Pamene tsamba lapindikira kumsana wa buku, mawu a kumapeto kwa mzere amasowa. Chaka cha 1891 chimatha kusanduka 1897, chilembo cha l n'kukhala nambala 1, ndipo m'mabuku akale a Chichewa kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ kamagwa. Mawu a m'munsi mwa tsamba amalowerera pakati pa ndime. Choopsa kwambiri n'chakuti pamene makina sakuona bwino saika mpata. Amadzaza ndi mawu omveka bwino amene wolemba sanalembe. Ndime yonse ikhoza kudumphidwa popanda chizindikiro chilichonse, ndipo anthu 120 n'kuwerengera mayeso chinthu chobooka.

Vuto lomweli limagwiranso mawu ogwidwa afupiafupi, ndiye pamafunika kutsimikiza. Tengani mawu anayi kapena asanu otsatizana a pakati pa chiganizo chogwidwacho, muwafufuze mu PDF podina Ctrl+F pakompyuta. Ngati fayiloyo ndi ya zithunzi zokha ndipo siifufuzika, tsegulani tsambalo muwerenge ndi maso, liwu ndi liwu. Nambala ya tsamba itengeni pa tsamba losindikizidwa, osati pa chiwerengero cha PDF, chifukwa tsamba 3 la fayilo yanu likhoza kukhala tsamba 87 la buku. Mawu akapanda kupezeka ndendende, chotsani zizindikiro zogwirira mawu, mulembe mfundoyo m'mawu anu, wolemba mum'tchulebe.

Kodi "mawu ochepa" ndi angati?

Anthu amakonda nambala. Mudzamva kuti magawo 10 pa 100 a buku ndi ololedwa, kapena mutu umodzi, kapena mawu 300. Manambala otere amachokera m'mapangano a ziphaso zokopera zimene masukulu amalipira, kapena m'malangizo a makampani osindikiza, ndipo amagwira ntchito kwa amene ali m'panganolo. Pangano la Berne lilibe nambala ya mawu. Limayang'ana cholinga.

Mlandu wina wa ku America umasonyeza bwino chifukwa chake. Magazini ya The Nation inatenga mawu pafupifupi 300 okha m'buku la mbiri ya moyo wa pulezidenti wakale Gerald Ford, limene linali ndi mawu pafupifupi 200,000 ndipo linali lisanatuluke. Mu 1985 khothi lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti magaziniyo inalakwa. Mawuwo anali ochepa, koma anali mtima wa bukulo, pamene Ford ankafotokoza za kukhululukira Richard Nixon, amene anali pulezidenti iye asanalowe, ndipo magazini ya Time imene inagula ufulu wosindikiza gawolo koyamba inathetsa mgwirizano wake. Lamulo la ku America si lathu, koma kaganizidwe kake n'kothandiza: munthu akanyema nkhuku, kutenga chiwindi ndi nthutumba si chimodzimodzi ndi kutenga kaphazi, ngakhale zitalemera mofanana.

Kukula kwa ntchitoyo nakonso kumawerengedwa. Mawu 60 m'mutu wa mawu 8,000 ndi kadontho. Mawu 60 omwewo m'ndakatulo ya mizere 12 akhoza kukhala ndakatulo yonse. Ndipo mawu ogwidwa amayenera kukhala ndi ntchito: mukuwatsutsa, mukuwamasulira, kapena mukusonyeza kuti wolemba ananenadi zimenezo. Chizindikiro chosavuta kuona n'chakuti mawu anu ozungulira akhale ochuluka kuposa ogwidwawo. Tsamba lodzaza ndi ndime zogwidwa, zolumikizidwa ndi "wolemba akupitiriza kuti," limakhala kope yovala jekete.

Njira zokhotera zimene zimafika pamalo omwewo

Makina akakana mutu wonse, nzeru yoyamba imene imabwera ndi kuudula: ndime zitatu tsopano, zitatu kenako, mpaka masamba 22 atakwana. Kutunga madzi ndi kapu sikusintha kuti mwakhuthula mtsuko. Chimene chimawerengedwa ndi chimene chili m'fayilo yanu pamapeto.

Nzeru yachiwiri ndi kusintha mawu pang'onopang'ono, chiganizo ndi chiganizo, "anapita" kukhala "ananyamuka," koma mutu n'kutsala wa mawu 7,500, ndime zake ndi zitsanzo zake zili m'malo momwemo. Ichi si chidule. Chidule chimasankha ndi kutaya. Chimafupika kwambiri ndipo chimasanjidwa motsata funso la wowerenga. Mukaika zolemba ziwirizo pambalimbali n'kupeza kuti ndime iliyonse ya buku ili ndi mnzake m'zanuzo, mwakopera kalembedwe. Kusukulu pamabwera mlandu wina wosiyana ndi wa umwini, wa kuba nzeru za wina n'kumati ndi zanu. Milandu iwiriyi isasokonezedwe. Kutchula dzina la wolemba kumakupulumutsani ku mlandu wa kuba nzeru, koma sikukupatsani chilolezo chogawa mutu wake wonse. Mbali inayo, kukopera buku la munthu amene anamwalira zaka 200 zapitazo osam'tchula sikuphwanya umwini, koma aphunzitsi adzakupatsani ziro.

Yachitatu imakhudza ife kwambiri: kumasulira mutu wonse m'Chichewa. Cholinga chake n'chabwino, koma ufulu womasulira nawonso ndi wa mwini ntchito. Mutu womasuliridwa wonse n'kugawidwa umafuna chilolezo monga kope. Kufotokoza mfundo zake m'Chichewa, mwachidule ndi m'mawu anu, n'kololedwa monga chidule china chilichonse.

Pamene kulembanso zonse kulibe vuto

Pali nthawi zimene mutu wonse ungatulutsidwe popanda chodetsa nkhawa. Ngati munalemba ndinu ndipo simunapereke ufuluwo kwa osindikiza. Ngati nthawi ya chitetezo inatha. Ngati mwini anaika chilolezo chotseguka, monga cha Creative Commons, chimene chimalembedwa ndi zilembo ngati CC BY. Mukaona NC ndiye kuti musagulitse, mukaona ND ndiye kuti musagawe zosinthidwa, ndipo kumasulira kuli m'gulu la kusintha. Zonsezi zimaoneka pa tsamba la kuseri kwa tsamba la dzina la buku, pamene pamakhala chaka, dzina la osindikiza ndi mawu a umwini. Tsamba limeneli ndi limene ojambula ndi foni amalidumpha nthawi zonse, chikhalirecho ndi limene likanawauza ngati akuloledwa.

Nkhani ya wophunzira wosaona ndi yapadera. Kwa iye chithunzi cha tsamba n'chopanda ntchito. Amafunika zilembo zenizeni kuti pulogalamu yowerenga mokweza iziwerenge, kapena kuti zisandutsidwe zilembo za anthu osaona. Pangano la Marrakesh la 2013, limene Malawi analowamo mu 2017, linapangidwira zimenezi, ndipo limalola kupanga makope oyenera anthu amene sangathe kuwerenga zosindikizidwa. Kope yoteroyo ndi ya wophunzirayo, si ya gulu lonse la kalasi, ndipo iyenera kuwerengedwa ndi munthu woona poifananiza ndi buku, chifukwa ndime ikadumphidwa mwini wake sangadziwe.

Mkangano waukulu sunathe, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Ophunzira ndi aphunzitsi amati mabuku ochokera kunja ndi odula kuposa ndalama imene wophunzira amadyera mwezi wonse, ndipo amene akukopera sakanagula ngakhale atafuna, choncho palibe malonda amene atayika. Olemba ndi osindikiza a kuno, amene mabuku awo amasindikizidwa ochepa ndipo ogula ake enieni ndi ophunzira omwewo, amati kalasi imodzi ikagawana fayilo, msika wonse wa bukulo watha. Pakati pa awiriwa pali ziphaso zokopera zimene Cosoma imapereka ku masukulu ndi mabungwe, kuti gawo la buku lizikopedwa movomerezeka eni ake n'kulandirako kangachepe. Mphunzitsi amene akufuna kuti kalasi yonse iwerenge masamba 22 aja afunse kaye woyang'anira laibulale ngati sukuluyo ili ndi chiphaso chotero, chimalola masamba angati, ndiponso ngati chimakhudza mafayilo kapena mapepala okha. Chikapanda kukwanira, kalata yopita kwa osindikiza imafuna zinthu zochepa: dzina la buku ndi chaka chake, masamba kuyambira pati mpaka pati, chiwerengero cha ophunzira, semesita yake, ndi malo amene fayiloyo idzaikidwe.